Saizi Yake Ndi Yomweyo, Mami

Msika wa kaunjika unasamukira m'foni. Kale unkapita wekha ku Limbe kapena pa Tsoka ku Lilongwe, n'kugwada pamulu, malaya kuwatembenuza mkati ndi kunja, kuwanunkhiza, thalauza n'kulizunguliza pakhosi kuti uone ngati chiuno chikwane. Lero timagula tili gone pabedi, chala chikuyenda pa sitetasi ya WhatsApp, ndalama n'kudutsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kubwera pa kabaza. Mkangano wokha ndi umene sunasamuke. Wangosintha nthawi. Kale tinkakangana tisanalipire, pano timakangana ndalama zitalowa kale, wogulitsa ataguliratu ndiwo.

Thalauza la 40

Bambo wina wa ku Chilomoni, munthu wathupi lake, uja mimba imayamba kulowa mu ofesi mwini wake akadali pakhomo, anaona thalauza labwino pa sitetasi ya mnyamata wina.

"Achimwene, chiuno chake n'chingati?"

"40, bigi. Ndayeza ndekha."

Bamboyo anasangalala, poti mathalauza a 40 sapezeka wamba m'belo. Anatumiza K15,000. Madzulo kabaza anafika, bambo n'kulowa kuchipinda akuimba mluzu. Posakhalitsa mluzu unaleka. Thalauza linakwera bwinobwino mpaka m'maondo, kenako linakana kupitirira. Anaitana mayi a kunyumba kuti adzakoke mbali ina. Linakana ndithu.

"Iwe, umati ndine mwana wa Fomu 2?"

"Bigi, tepi ndili nayo pompano. Ndikutumizireni chithunzi?"

Chithunzi chinabwera, ndipo tepi inkaonetsadi 40. Palibe amene ananama. Tepi ya telala ili ndi mbali ziwiri, kwina mainchi, kwina masentimita. Mnyamatayo anayala thalauza pansi, n'kuyeza chiuno kuchoka mbali ino kufika mbali inayo, mbali ya masentimita ili pamwamba. Anapeza 40. Koma thalauza loyala pansi ndi theka chabe la chiuno, choncho kuzungulira konse ndi masentimita 80. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye masentimita 80 ndi mainchi 31 ndi theka. Bambo wa mainchi 40 anagula thalauza la munthu wa 32, mwinanso wosadya bwino.

Mawu amodzi okha akanapulumutsa K15,000 ija. Nambala isayende yokha. Lembani kuti mainchi kapena masentimita, ndipo nenani ngati mwayeza chovala chili choyala kapena mwachulukitsa kale kawiri. Kwathu kuno atelala ndi ogula mathalauza anazolowera mainchi, ndiye yendani momwemo. Mangani batani, tsekani zipi, yalani thalauza patebulo osalikoka, yezani chiuno, muchulukitse kawiri. Mukatero yezani mwendo wamkati, kuyambira pamphanda mpaka kumpendero. Jini yolembedwa W32 L30 ikutanthauza zomwezo, chiuno mainchi 32, mwendo wamkati mainchi 30. Komabe musangokopera za pa lebulo. Thalauza la kaunjika linakhalapo ndi mwini wake. Mwina analichapa ndi madzi otentha n'kufota, mwina anali wamfupi n'kukalidulitsa. Lebulo sidziwa zimenezo, imangonena za tsiku limene thalauzalo linatuluka m'fakitale.

Thalauza lija akuvala ndi mphwawo wa bamboyo. Akuti limamukhala kwambiri.

Chikwatiwireni ndimavala 12

Kwa amayi nkhani yake ndi yaikulupo, chifukwa m'belo limodzi mumatuluka madiresi a maiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse limawerenga mwake. Diresi ya 12 ya ku Britain ndi pafupifupi 8 ya ku America ndi 40 ya ku Ulaya. Ndiye 12 ya ku America ndi diresi yaikulu, ya munthu amene ku Britain amavala 16. Wogulitsa akangolemba kuti saizi 12, wanena madiresi awiri osiyana nthawi imodzi. Onjezerani pamenepo kuti makampani osoka sagwirizana okhaokha, komanso kuti 12 ya zaka makumi atatu zapitazo imakhala yothina kuposa 12 ya lero. Za XL wochokera ku China sindinena zambiri. Aliyense ali ndi m'bale wake amene anaitanitsa XL n'kumaliza wampatsa mwana wa mlongo wake.

Koma tisamangonena ogulitsa. Pali mayi wina wa ku Area 25 amene amagulitsa madiresi, ndipo anandiuza kuti kasitomala wovuta kwambiri si wotsitsa mtengo, koma uja wodziwa saizi yake pamtima.

"Mami, tandiuzeni mayezo anu kuti ndikusankhireni."

"Inetu asisi musavutike. Chikwatiwireni ndimavala 12."

"Munakwatiwa liti, mami?"

"2009."

"Ana alipo angati?"

"Anayi. Zikukhudzana bwanji ndi diresi?"

Apa mayi wogulitsa uja anaphunzira nzeru. Masiku ano safunsanso za thupi la munthu, poti imeneyo ndi nkhani yothetsa chibale. Amangoti, "Mami, tengani diresi imene imakukhalani bwino panopa, imene munavala Lamulungu lapitali. Muiyale pabedi, muyeze kuchoka kukhwapa kufika kukhwapa linalo, kenako pachiuno, kenako pamahipi." Kasitomala sakwiya, chifukwa amene akuyezedwa ndi diresi, osati iye. Ndipo nambala zimene amatumiza zimafanana mayezedwe ndi za wogulitsa, chovala choyala ndi chovala chinzake choyala.

Njira imeneyi imathetsanso vuto lina limene ambiri salidziwa. Mayi akayeza thupi lake n'kupeza kuti pachifuwa ndi mainchi 38, amaganiza kuti diresi ya mainchi 38 ndi yake. Si yake ayi, pokhapokha nsaluyo ikhale yotamuka. Nsalu yosatamuka imafuna mpata wa mainchi awiri kapena atatu kuti munthu apume, akweze dzanja, akhale pampando. Diresi ya 38 pa thupi la 38 imalowa, inde, koma pa ukwati mudzaima tsiku lonse, ndipo nthawi ya perekaniperekani mudzavina ndi khosi lokha. N'chifukwa chake wogulitsa ayenera kulemba mawu awa nthawi zonse: imatamuka, imatamuka pang'ono, kapena siitamuka.

Ena anapeza njira yachidule. Amangolemba kuti fili saizi, ikwana aliyense. Ndinaona siketi ina ya fili saizi itagulidwa ndi anthu awiri a nyumba imodzi, wina n'kumupatsira mnzake. Woyamba inamugwa, wachiwiri inamukana. Ngati chiuno chili ndi lasitiki, yezani kawiri, ili phee ndiponso mutaikoka mpaka pothera, mulembe kuti kuyambira mainchi 28 mpaka 36. Pamenepo aliyense adziwa yekha ngati ali m'gulu la aliyenseyo.

Chidole chili ndi mapegi

Msungwana wina ku Zomba anagula diresi imene pachithunzi inkachita kumata thupi, chiuno chili apo, mahipi ali apo. Itafika inali lende, yopanda chiuno, yopanda mbali. Anapita yekha kukabweza. Atalowa anapeza chidole chija chavala diresi ina, nachonso chikuoneka bwino zedi. Anazungulira kumbuyo kwake. Mapegi asanu ndi limodzi ali ndondondo kumsana.

"Asisi, nanga izi?"

"Aaa, amenewo ndi ongothandizira."

"Ndiye mundipatse ndi mapegi omwe, ndizivala nawo."

Kuveka chidole sikulakwa. Koma pambali pa chithunzi cha chidolecho pakhale china cha diresi ili yoyala kapena yopachika pa hang'ala, kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati mwaivala nokha, nenani msinkhu wanu ndi saizi imene mumavala. Diresi yofika m'maondo kwa munthu wa mamita 1.55 ndi nkhani ina kwa munthu wa mamita 1.75, makamaka ngati akufuna kupita nayo kwa apongozi. Amene amatenga zithunzi za pa intaneti, za mzungu ataima m'mbali mwa nyanja, n'kumati ndi katundu amene ali m'thumba la shangani kuseri kwa chitseko, imeneyo si nkhani ya ukadaulo wojambula. Ndi bodza basi, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula onamizidwa chotere.

Eyiti wa ndani?

Mnyamata wina wa ku Mzuzu anaitanitsa nsapato kuchokera ku Blantyre. Anafunsa saizi, anamuuza 8. Iye amavala 8. Nsapato inakwera basi usiku wonse, m'mawa anakailandira kudepoti, n'kukhala pabenchi pomwepo kuti aiyese. Zala zinalowa, chidendene chinatsala panja chikuonerera anthu.

Inali 8 ndithu, koma 8 ya akazi ya ku America, imene kwathu kuno, poti timatsata mawerengedwe a ku Britain, ndi pafupifupi 6. Eyiti amene mnyamatayo amavala ndi uja amafanana ndi 42 ya ku Ulaya. Anaimba foni.

"Madala, nsapato ija yachepa."

"Imatamuka imeneyo. Muivale masiku atatu."

"Ndiivala bwanji poti siikulowa?"

"Ikani nyuzipepala yonyowa."

Nyuzipepala yonyowa siwonjezera masaizi awiri. Ndipo ndalama yotumizira nsapato kubwerera ku Blantyre, kuphatikiza imene inaibweretsa, inali pafupi kufika pa mtengo wa nsapatoyo. Apa ndi pamene malonda a pafoni amapwetekera. Kubweza katundu kumadya onse awiri, ndiye ambiri amangomeza mate, n'kusiya kugula kwa munthuyo, n'kuuzako anzawo onse a kuntchito.

Chonsecho mankhwala ake ndi apafupi. Masinika ambiri ali ndi kalebulo kunsi kwa lilime, pamene pamalembedwa US, UK, EUR, ndipo kawirikawiri CM. Jambulani kalebuloko kuti kawerengeke, wogula adzionere yekha. Ngati kanafufutika, solani kansalu kopondapo ka mkati, mukayeze kuchoka kuchidendene kufika kunsonga, mulembe masentimita. Ngati sikasoleka, lowetsani tepi mkati mwa nsapato. Nayenso wogula aponde papepala, chidendene chitagunda khoma, alembe pamene pathera chala chachitali, ayeze. Achite zimenezi madzulo, chifukwa phazi limatupako likayenda tsiku lonse, ndipo ayeze mapazi onse awiri poti sakhala ofanana ndendende. Phazi la masentimita 26 limafuna nsapato ya mkati mwa masentimita pafupifupi 27.

Chinanso, ikani nsapato zonse ziwiri pachithunzi chimodzi, zidendene zitalingana. M'belo nsapato zimasochera, ndipo pali anthu aluso lokwatitsa yamanzere ya 42 ndi yamanja ya 43. Ndikudziwa mkulu wina amene anayenda chaka chonse akuganiza kuti phazi lake limodzi likudwala.

Maruni wa pa chinkhoswe

Tsopano mtundu. Apa ndiye pagona ndewu zenizeni, chifukwa saizi ikalakwika amavutika ndi munthu mmodzi, koma mtundu ukalakwika imavutika komiti yonse.

Amayi ena ku Ndirande anagwirizana kuti pa chinkhoswe cha mwana wawo onse a kuchikazi avale maruni. Azakhali a mkwatibwi, amene amakhala ku Kasungu, anaona nsalu pa sitetasi, maruni weniweni, wakuda bwino. Anafunsa kuti, "Ndi maruni ameneyu?" Wogulitsa anati, "Ndi momwe mukuoneramo, anti." Anagula mamita anayi, telala n'kusoka. Tsiku la chinkhoswe amayi khumi ndi awiri analowa ali maruni, azakhali n'kulowa ali psuu, kufiira kowala koti ukaona umatsinzina. Wojambula zithunzi anawaika pakati, ati kuti zioneke ngati anachita dala. A kuchimuna ankangowapatsa ulemu wonse poganiza kuti ndiwo mayi a mwana. Mayi a mwana enieni sanayankhulane ndi mlamu wawoyo mpaka tsiku la ukwati.

Chinachitika n'chakuti nsalu ija anaijambula usiku, m'chipinda cha babu limodzi. Kamera ya foni siona mtundu ngati diso. Imayamba yaganizira kuti kuwala kumene kulipo n'kotani, kenako n'kukonza mitundu yonse motsatira ganizo lakelo. Babu lachikasu limasandutsa choyera kukhala kirimu, ndipo nevi amaoneka wakuda. Mababu ena oyera kwambiri amakokera zinthu ku buluu. Kukachepa kuwala, chofiira chowala chimada n'kukhala maruni. Fulashi nayo imachita zake, imawalitsa pakati n'kufufuta mtundu, nsalu yonyezimira n'kuoneka mbuu. Ngakhale dzuwa la masana silithandiza, limawaula mtundu n'kuika mithunzi yakuda bii m'mapindo.

Malo abwino ndi pakhonde kapena pamthunzi wa nyumba, m'mawa dzuwa litakwera pang'ono kapena chakumadzulo lisanafiire, fulashi itazimitsidwa. Pewani pansi pa mtengo wa mango, poti masamba amadontheza kuwala madonthomadontho ndipo amapaka chovala kubiriwira. Pukutani galasi la kamera, chifukwa foni imene yagwiridwa ndi dzanja la mandasi imajambula chifunga. Yalani chovala pa nsalu yopanda maluwa, osati pa chitenje china chimene chikulimbana nacho. Ndiye ikani pepala loyera pambali pake, lilowe m'chithunzi. Pepalalo ndi mboni. Likaoneka loyera pachithunzi, mtundu wa chovala uli pafupi ndi zoona. Likaoneka lachikasu kapena labuluu, jambulaninso. Mukajambula, gwirani foni pafupi ndi chovalacho muyerekeze ndi maso anu, ndipo zikasiyana nenani m'mawu kuti pamaso n'chakuderako kuposa pachithunzi. Mafiyuta okongoletsa aja asungireni nkhope yanu.

Ngakhale mutachita zonsezi, foni ya wogula ili ndi maganizo akenso. Wina anachepetsa kuwala kuti batire lisathe, wina anayatsa zoteteza maso usiku zimene zimapaka chilichonse chikasu, wina galasi linasweka n'kumata selotepi. Mu 2015 dziko lonse linakangana pa chithunzi cha diresi imodzi, ena akuti ndi yoyera ndi golide, ena akuti ndi yabuluu ndi yakuda. Inali yabuluu ndi yakuda. Ngati anthu mamiliyoni analephera kugwirizana pa chithunzi chimodzi, musayembekeze kuti inu ndi azakhali a ku Kasungu mugwirizana popanda mawu. Mtundu ulembedwe, ndipo ulembedwe mokwanira. Kungoti chofiira sikukwanira, nenani ngati ndi maruni, pinki, kapena kufiira kwa tomato wakupsa. Ikakhala nkhani ya yunifolomu ya ukwati, ya kwaya kapena ya chinkhoswe, musadalire foni n'komwe. Dulani kachidutswa ka nsalu katumizidwe, kapena onse agule pa mpukutu umodzi, chifukwa ngakhale mipukutu iwiri ya fakitale imodzi imatha kusiyana pang'ono.

Yangokhala ngati yatsopano

Mawu amenewa ndi amene alemeretsa ogulitsa mankhwala a mutu. Jekete ina inalembedwa choncho, chithunzi chili chakutsogolo kokha, ndipo inali yokongoladi. Mphunzitsi wina anaigula kuti akavale pa tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4. Atavala anapisa dzanja m'thumba, dzanja linapitirira mpaka kumpendero, n'kukumana ndi tikiti ya basi ya dziko lina. Atatembenuka, mkazi wake anaona kuti kumsana kuli chizindikiro cha simbi, chooneka bwino ndi nsonga yomwe.

"Achimwene, bwanji simunanene kuti inapsa kumsana?"

"Simunafunse za kumsana, aphunzitsi."

Paja amati safunsa anadya phula, koma wogula sangafunse za chilema chimene sakuchidziwa. Wogulitsa ndi amene wagwira chovalacho, ndiye ntchito yofufuza ndi yake. Malo amene chovala chimayambira kutha amadziwika: kolala ndi m'mapeto mwa manja, kukhwapa kumene thukuta limasiya chikasu kapena kuumitsa nsalu, pakati pa miyendo ya thalauza pamene nsalu imapyapyala isanabooke, m'matumba, ndi nsalu yamkati ya jekete. Zipi muikweze ndi kuitsitsa kangapo. Mabatani muwawerenge. Kenako kwezani chovalacho kuloza kumene kukuchokera kuwala, timabowo ta njenjete timene simukanationa timaonekera pomwepo. Juzi muione ngati yatuluka timibulu. Lasitiki muikoke pafupi ndi khutu, ikamalira ngati ikuthetheka ndiye kuti inafa kale.

Nsapato ili ndi msampha wake. Ina imatuluka m'belo ili yosapondedwa n'komwe, koma inakhala zaka m'kabati kwa eni ake. Soli ya mtundu wina, yopepuka ngati siponji, imaola ikakhalitsa ngakhale osaivala. Pamaso imaoneka bwino, koma mukayenda nayo imayamba kunyenyeka. Mkulu wina wa mpingo anapita kutsogolo kukawerenga mawu atavala nsapato zotere. Pobwerera kumpando anasiya tizidutswa takuda mzere wonse, ndipo pofika pakhomo anali akuponda ndi masokosi. Musanajambule, pindani nsapato ndi manja, mukanikize soli ndi chikhadabo. Ikang'aluka, ikamata kapena ikasiya ufa, imeneyo si yogulitsa. Ndipo jambulani kunsi kwake, poti polishi amabisa za pamwamba koma chidendene chodyeka mbali imodzi sichibisika.

Ogulitsa ambiri amaopa kuti akaonetsa chilema katundu sayenda. Ine ndimaona zosiyana. Chilema chimene wogula wachiona asanalipire chimangotsitsa mtengo pang'ono. Chimene wachipeza yekha kunyumba chimabweza katundu yense, ndiponso dzina lanu limakafika pa gulu la WhatsApp la amayi a mpingo. Chijambuleni kawiri, chapatali kuti aone pamene chili, ndi chapafupi mutaika chala kapena ndalama yachitsulo pambali kuti aone kukula kwake. Mawu akuti kadontho kakang'ono amatanthauza zosiyana kwa wogulitsa ndi kwa wogula. Ndipo musalonjeze kuti kachoka mukachapa. Ngati kamachoka, bwanji simunachape inuyo?

Pali chinanso chaukadaulo. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo pofinyapo timabowo ndi timadontho timasowa. Potumiza kwa munthu amene watsimikiza zogula, dinani HD, kapena tumizani chithunzicho ngati Document kuti chipite momwe chilili. Bandulo ya chithunzi chimodzi ndi yotsika mtengo kuposa kabaza wobweza katundu.

Chikwama cha ulendo

Iyi ndi yaifupi. Mayi wina anaona chikwama chachikopa chitadzaza chithunzi chonse, zogwirira zili njo. Anaganiza zopita nacho kumudzi pa Khirisimasi, muli zovala zake ndi za mwana. Wa kabaza atafika, mayiyo anayang'ana kumbuyo kwa njinga, kulibe kanthu.

"Katundu wanga ali kuti?"

Wa kabaza anapisa m'thumba la jekete.

Kamera ikayandikira, kachikwama ka foni ndi chikwama cha ulendo zimafanana. Lembani mulitali, msinkhu ndi kunenepa kwake, ndipo pachithunzi chimodzi chikwamacho chikhale paphewa la munthu, kapena pambali pa chinthu chimene aliyense amadziwa kukula kwake, monga botolo la Fanta kapena pepala la A4, lija la masentimita 21 kwa 29.7. Mapoto, mabeseni ndi makapeti nawonso chimodzimodzi.

Mmene amalembera mayi wa ku Area 25

Ndinamupempha mayi uja kuti andionetse uthenga umodzi wa malonda ake. Unali wa diresi, ndipo unkati:

"Diresi ya kaunjika, yovalidwapo koma yolimba. Nevi, pamaso ndi yakuderako kuposa pachithunzi. Lebulo ikuti UK 14 koma tsatani mayezo awa, onse ndi mainchi, ndachulukitsa kale kawiri: pachifuwa 40, pachiuno 34, pamahipi 44. Kutalika kuchoka paphewa 42. Siitamuka. Zipi yakumbuyo ikuyenda bwino. Ili ndi kadontho kofiirira kumpendero wakumanzere, onani chithunzi chachisanu, ndachapa sikanachoke. K18,000, kutumiza n'kwanu. Mukapeza chilema chimene sindinanene, kapena mayezo akasiyana ndi awa kuposa inchi imodzi, bwezani pasanathe masiku awiri, ndalama yotumizira ndilipira ine. Ikangokuchepani pamene mayezo ndi omwewa, sindibweza ndalama."

Zithunzi zinali zisanu ndi chimodzi: kutsogolo, kumbuyo, lebulo, tepi itagona pachifuwa manambala akuoneka, kadontho kaja, ndi nsalu chapafupi pepala loyera lili pambali. Akuti zonsezi zimamutengera nthawi yochepa kuposa imene ankataya poyankha funso lakuti "ingandikwane?" kwa anthu makumi awiri.

Ziganizo ziwiri zomaliza za uthenga uja ndi zimene zimagwira ntchito yaikulu, chifukwa zimagawa milandu isanachitike. Cholakwa cha wogulitsa alipira wogulitsa, cholakwa cha wogula chikhala kwa wogula. Inchi imodzi ija anaiikapo dala, poti anthu awiri sayeza chovala mofanana ndendende, wina amakoka pang'ono, wina amalekerera.

Ndinamufunsa ngati mikangano inatheratu. Anaseka. Akuti sabata yomweyo mayi wina anabweza diresi imene inamukwana bwinobwino, mtundu womwewo, yopanda chilema.

"Vuto n'chiyani, mami?"

"Bambo a kunyumba akuti sindikuoneka ngati pachithunzi."

"Pachithunzi inali pa hang'ala, mami."

"Eya. Akuti pa hang'alapo imaoneka bwino."

Imeneyo tepi singaithetse.

Kwa inu ogula, kumbukirani kuti sitetasi imafufutika pakatha maola 24, ndipo katundu wochokera kutali amafika itafufutika kale. Pamenepo wogulitsa akhoza kunena kuti analemba 32 pamene inu mukukumbukira 36, ndipo mboni palibe. Musanatumize ndalama, jambulani sikirini, kapena muuzeni akutumizireni zithunzi ndi mayezo onse ku inibokisi kwanu. Akayankha kuti "saizi yake ndi yomweyo, mami, ikukwanani," musakangane naye. Mufunseni kuti tepi ikuti bwanji, ndipo akati alibe, muuzeni akabwereke kwa telala.